Momwe mungalembere kalata yochitira umboni woimba tena amene akufuna sikolashipu

Mnyamata woimba tena mu kwaya yathu atandipempha kalata yoti atumize kusukulu yophunzitsa zoimbaimba, ndinalemba kuti ndi waulemu, woopa Mulungu komanso wa mawu okoma. Zonsezo zinali zoona, koma nditawerenganso ndinaona kuti kalata imeneyo ndikanatha kulembera aliyense mu kwayamo. A komiti yosankha sanamumvepo akuimba m'tchalitchi chathu. Chimene akufuna kwa inu akwayamasitala ndi zimene makutu anu anamva, zonenedwa moti iwo angathe kuziyesa okha. Ndinaing'amba n'kuyambiranso motere.

Choyamba, werengani zimene akufuna. Muuzeni mnyamatayo akubweretsereni chikalata cholengeza sikolashipuyo. Onani tsiku lotseka, amene mukumulembera, komanso ngati kalatayo muitumize nokha kapena mumupatsire iye. Masukulu ena amatumiza uthenga ku imelo yanu kuti muikepo nokha kalatayo, choncho musapereke imelo imene munaiwala kalekale nambala yake yachinsinsi.

Chachiwiri, muyeseni mawu pa kiyibodi. Apa ndiye pagona kalata yonse, ndiye musathamange. Muitaneni yekha pulakatisi isanayambe, osati itatha mawu atasasa kale. Musanagwire kiyi iliyonse, onetsetsani kuti batani la Transpose, limene limakweza kapena kutsitsa manoti onse, lili pa 0. Oimba kiyibodi m'matchalitchi mwathu amakonda kulisiya litakwezedwa kapena kutsitsidwa, ndipo mukapanda kuona mudzalemba noti yolakwika.

Yambirani pa C wapakati, amene amalembedwa C4. Tsikani pang'onopang'ono mpaka mawu atayamba kuzimiririka, kenako kwerani. Tena wa mu kwaya nthawi zambiri amayenda kuchokera pa C3 kufika cha pa A4. Pamene mukukwera, tcherani khutu chapakati pa E4 ndi G4, chifukwa m'pamene mawu a tena amasinthira. Wina amadutsapo mosalala, wina amayamba kukuwa, misempha ya m'khosi n'kuimirira, chibwano n'kuloza kudenga. Mukaona zimenezo, noti imeneyo si yake ayi.

Wanga anafika pa B4 kamodzi, mokakamiza. Pa A4 ankakhazikikapo bwinobwino, mokweza ngakhale motsitsa. Ndinalemba A4. Anadandaula pang'ono, koma ndinamuuza kuti: "Mwana wanga, tsiku lokakuyesa adzakuimika pambali pa piyano. Ndikalemba B4 iwe n'kukaphonya, adzakayikira kalata yonse." Samalaninso pa nambala: nyimbo za tena kawirikawiri zimalembedwa pamwamba ndi okitevu imodzi kusiyana ndi mmene zimamvekera, ndiye werengerani pa kiyibodi, osati papepala, kuopa kulemba A5.

Chachitatu, nenani zoona pa nkhani yowerenga nyimbo. Makwaya athu ambiri anakulira pa solofa, doh, ray, me. Masukulu a zoimbaimba amagwiritsa ntchito manoti a pa mizere isanu. Musabise, ndipo musachite nazo manyazi. Ine ndinalemba kuti amawerenga solofa ya nyimbo imene sanaimvepo n'kuimba gawo lake kachiwiri kokha, ndipo manoti a pa mizere wayamba kuphunzira miyezi 6 yapitayo. Ngati ali ndi setifiketi ya mayeso a zoimbaimba ngati a bungwe la ABRSM, tchulani giredi ndi chaka. Ngati alibe, ingosiyani.

Chachinayi, lembani. Tsamba limodzi n'lokwanira. Yambani ndi amene inu muli, kwaya yanu, ndi zaka zimene mwakhala naye: ine zinali zaka 4, pulakatisi kawiri pa sabata. Kenako mawu ake, monga mwayesera muja. Ndiye fotokozani chinthu chimodzi chimene munaona ndi maso anu. Changa chinali cha pa maliro ena, magetsi atazima kiyibodi n'kukhala chete. Mnyamatayu anapatsa anzake noti yoyambira, ndipo magetsi atayaka pa vesi yachitatu, kwaya inali idakali pa kiyi yomweyo. Nkhani imeneyi ikuuza a komiti za khutu lake kuposa mawu onse oyamikira.

Za umphawi wa kwawo, mufunseni kaye mwiniwake. Akavomera, chiganizo chimodzi chikwanira, chonena zenizeni, monga kuti mayi ake ndi amene akumulera okha ndipo fizi sangaikwanitse.

Kalatayo idzafunika m'Chingelezi. Ngati simuchimasukira, lembani kaye m'Chichewa, wina akumasulireni, kenako akuwerengereni chiganizo ndi chiganizo kuti asawonjezeremo zokometsera zake. Musalole mnyamatayo kudzilembera inu n'kungosayina.

Pomaliza, sindikizani pa pepala la mpingo kapena la sukulu, lembani tsiku, sayinani, abusa kapena ahedi adindepo chidindo. Ikani nambala ya foni imene mumayankha. Jambulani kalatayo pamalo owala, isungeni ngati PDF, ndipo itumizeni kudakali masiku atatu kapena anayi, chifukwa netiweki imakonda kuvuta tsiku lotsekera lomwelo.