Momwe mungawerengere manotsi osikanidwa pamene zizindikiro zina zafufutika

Ambiri mwa ife amene tikuphunzira kuno ku Joni timaphatikiza sukulu ndi ganyu, ndiye tikajomba kalasi timadalira manotsi a pamanja amene mnzathu wajambula n'kutitumizira. Mawu savuta kwenikweni, chifukwa chilembo chimodzi chikasowa chiganizo chimakuuzani chomwe chinali. Masamu ndiye alibe chisoni. Kamzere kamodzi kakafufutika, yankho lonse lasokonekera.

Musanayambe kutong'ola maso, onani kaye ngati vuto lili pa dzanja la wolemba kapena pa chithunzi. Kulitsani tsambalo pafoni. Zilembo zikamasanduka timabokosi, ndiye kuti chithunzi chinachepetsedwa potumiza. WhatsApp imatero ndi zithunzi wamba, choncho pemphani mnzanuyo atumizenso posankha Document. Ngati pepala lenilenilo lilipo, ndi bwino kulisikananso m'mashopu okopera mapepala, monga aja a ku Braamfontein, ndipo muwauze achite pa 300 dpi, asankhe Greyscale osati Black & White. Black & White imagamula kadontho kalikonse kuti kakhale koyera kapena kakuda, motero zolemba za pensulo yofooka zimangoyeretsedwa. Zoyamba kutayika ndi timizere ta pamwamba pa zilembo, chizindikiro chochotsera, ndi timanambala tating'ono ta m'mbali.

Chachiwiri, phunzirani dzanja la wolembayo. Fufuzani malo amene chizindikiro chokayikitsacho chalembedwa momveka, muchikopere pa kapepala, pambali pake mulembe dzina lake. Munthu sasintha kalembedwe pakati pa tsamba: ngati 7 wake amamudula pakati kumayambiriro, amamudulanso kumapeto. Zosokoneza kawirikawiri ndi z ndi 2, σ ndi 6, μ ndi u, komanso x ndi chizindikiro chochulukitsa. Ife ochokera kumudzi tikumbukirenso kuti kuno ambiri amalemba 3,16 pamene ku Malawi tinazolowera 3.16. Kakoma kameneko si dothi la pa galasi la makina ayi.

Chachitatu ndiye chenicheni: masamuwo akuuzeni okha chomwe chasowa. Tiyerekeze kuti m'manotsi a sitatisitikisi muli mzere uwu:

s = √( Σ(x − x)² / n▒▒ )

Pali zovuta ziwiri. Yoyamba njosavuta. Kuchotsa x pa x kumapereka 0 nthawi zonse, ndipo palibe mphunzitsi angalembe zimenezo pa bolodi. Choncho x wachiwiriyo anali ndi kamzere pamwamba, x̄, kutanthauza avereji. Kamzereko kadyedwa ndi makina.

Yachiwiri ndi banga lotsatira n. Kodi ndi inki yongodontha, kapena pabisala − 1? Apa musaganizire, pitani pa chitsanzo cha m'munsi mwake. Tinene kuti manambala ndi 4, 6, 8, 10, 12 ndipo yankho likuoneka 3,1 koma nambala yomaliza siikuwerengeka. Avereji ndi 8. Kusiyana kwa nambala iliyonse ndi 8, kukachulukitsidwa ndi iko komwe, kukupereka 16, 4, 0, 4, 16, zonse pamodzi 40. Mukagawa ndi 5 mupeza 8, ndipo √8 ndi 2,83. Sizikugwirizana. Mukagawa ndi 4 mupeza 10, ndipo √10 ndi 3,16. Basi, pansi pa bangalo pali n − 1, ndipo nambala yomaliza ija ndi 6. Chilembo s nachonso chikuchitira umboni, popeza mabuku ambiri amasungira σ njira yogawa ndi n yekha.

Koma si banga lililonse limagonja chonchi. Nambala yoperekedwa mufunso, tsiku la mayeso, dzina la munthu, izi simungazipeze powerengera. Pamenepo lembani [?] ndi pensulo. Ngati muli ndi maganizo awiri, alembeni onse, monga [0,05 kapena 0,01?], chifukwa manambala awiriwa onse amagwiritsidwa ntchito poyesa zotsatira ndipo angathe kukufikitsani pa mayankho osiyana. Chimene ndimadana nacho ine ndi kukopera zongoganizira ndi bolopeni ngati zotsimikizika. Pakatha masabata atatu simukumbukanso kuti munangopeka, n'kuziloweza, mwinanso n'kugawira ena a m'kalasi.

Mukasonkhanitsa malo onse a [?], yambani ndi buku la kosi, kenako manotsi a wophunzira wina amene analemba yekha, osati amene anakopera kwa mnzanu yemwe uja. Otsala apite kwa mwini dzanja kapena kwa aphunzitsi. Dulani chithunzi kuti pasale mzere wovutawo ndi mizere iwiri yoyandikana nawo, mutchule tsiku la kalasi ndi tsamba, ndipo funso likhale lachindunji: "Pepani aphunzitsi, pa mzere wachinayi, kodi munalemba 0,05 kapena 0,01?" Akakuyankhani, fufutani pensulo ija, mulembe ndi inki.