Momwe mungadziwire pulagi ya galimoto yamagetsi yochokera ku Japan ndi kusankha adaputa yoyenera

Galimoto zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito zomwe zimayenda m'misewu ya m'Malawi zimaitanitsidwa kuchokera ku Japan, ndipo amene akufuna yamagetsi nthawi zambiri amayamba kuganizira Nissan Leaf. Vuto ndi lakuti galimotoyi inakonzedwera magetsi a ku Japan, pamene magetsi athu ndi ofanana ndi a ku Ulaya. Tiyeni titsatire Leaf ya batire ya 40 kWh, kutanthauza yosunga mayunitsi 40 a magetsi, mtundu womwe unayamba kugulitsidwa ku Japan mu 2017, kuti tione zoyenera kuchita musanalipire.

Chiyambi cha kusiyanaku ndi magetsi a m'nyumba. Ku Japan ndi ku North America nyumba zimalandira magetsi a feze imodzi, a mavoti 100 kapena 200 ku Japan, ndi 120 kapena 240 ku America. Nchifukwa chake kumeneko kunafala pulagi ya Type 1, yomwe ili ndi timano tisanu ndipo imanyamula feze imodzi yokha. Ku Ulaya magetsi a mafeze atatu, onga omwe amayendetsa chigayo kuno kwathu, amafika ngakhale m'nyumba zambiri, choncho kampani ya ku Germany ya Mennekes inakonza pulagi ya timano 7 yotchedwa Type 2, yomwe bungwe la mayiko a ku Ulaya linaikhazikitsa mu lamulo la 2014. Dziko la South Africa linatsatira Ulaya, pamene China inadzikonzera muyezo wake wa GB/T. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230 pa feze imodzi ndi 400 pa mafeze atatu, choncho mwachibadwa tili mbali ya Type 2.

Gawo loyamba: onani mabowo otchajira ndi maso anu. Uzani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha kutsogolo kwa galimoto, kachitseko kotchajira katatsegulidwa. Pa Leaf ya ku Japan mupeza mabowo awiri. Laling'ono, lozungulira, ndi la Type 1, lolandira magetsi wamba a AC. Lalikulu ndi la CHAdeMO, lotchajira mwachangu ndi magetsi a DC, omwe amalowa mwachindunji m'batire. Musadalire dzina la galimoto lokha, chifukwa Leaf ya mtundu womwewu yogulitsidwa ku Britain ili ndi Type 2 pamalo pa Type 1.

Gawo lachiwiri: fufuzani mphamvu ya chaja ya m'kati mwa galimoto. Ambiri saidziwa mfundo imeneyi, koma ndiyo imalamulira nthawi yomwe mudzadikire. Pa AC, chomwe chili pakhoma chimangopereka magetsi, ndipo ntchito yowasandutsa DC yolowa m'batire imagwiridwa ndi chaja yomangidwira m'galimoto momwemo. Ku Japan Leaf ya 40 kWh inkabwera ndi chaja ya 3 kW, ndipo ya 6 kW inali yochita kusankha. Kukweza batire kuchokera pa 20 kufika pa 80 peresenti kumafuna 24 kWh, omwe ndi maola pafupifupi 8 pa chaja ya 3 kW, kapena maola 4 pa ya 6 kW, kuwonjezerapo pang'ono chifukwa magetsi ena amatayika ngati kutentha. Ngakhale mutaima pamalo olembedwa 22 kW, nthawiyi siisintha, popeza Type 1 imatenga feze imodzi yokha mwa atatuwo ndipo chaja ya m'kati singapyole malire ake. Palibe adaputa yomwe ingasinthe zimenezi.

Gawo lachitatu: konzani zotchajira kunyumba. Chingwe chomwe chimabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan chinapangidwira mavoti 200 ndiponso soketi ya kumeneko. Werengani zolembedwa pa kabokosi kake, ndipo ngati sizikutchula 230 V, musachilowetse pakhoma kudzera pa kaadaputa ka paulendo kogula pamsika, ndiponso musadule pulagi yake nkulumikiza ina. Gulani chingwe chopangidwira mavoti 230, chokhala ndi Type 1 mbali ya galimoto ndi pulagi ya timano titatu, yomwe timagwiritsa ntchito kuno, mbali ya khoma. Soketi zathu malire ake ndi maampu 13, koma potchaja kwa maola ambiri nkwanzeru kusapyola maampu 10, omwe ndi 2.3 kW. Pa mlingo umenewu 24 kWh aja atenga maola 11 kapena 12. Wamagetsi wovomerezeka ayese waya wopita pansi, chifukwa zingwe zambiri zimakana kuyamba ngati wayayo sali bwino, ndipo musalumikize kudzera pa ekisitenshoni.

Gawo lachinayi: sankhani cholumikizira cha malo otchajira a Type 2. Kusintha kuchokera ku Type 2 kupita ku Type 1 nkosavuta, popeza mapulagi awiriwa amauzana kuchuluka kwa magetsi m'njira imodzi, ndipo chofunika ndi kungolumikiza mawaya moyenera. Ngati malowo ali ndi soketi chabe, chabwino koposa ndi chingwe chathunthu chokhala ndi Type 2 mbali imodzi ndi Type 1 mbali inayo. Adaputa yaifupi ndi ya pamalo pomwe chingwe cha Type 2 chinamangiriridwa kale pamakina. Ine ndimalangiza chingwe chathunthu paliponse pomwe zingatheke, chifukwa mfundo iliyonse yowonjezera ndi malo ena pomwe kutentha ndi madzi a mvula zingayambitse vuto. Gulani cholembedwa 32 A, makamaka ngati chaja yanu ndi ya 6 kW, yomwe imakoka pafupifupi maampu 30. Samalaninso ndi mbali yomwe adaputa ikuloza, pakuti ya galimoto ya Type 2 pamalo a Type 1 siigwira ntchito mukaitembenuza. Chenjeraninso ndi pulagi ya AC ya GB/T: imaoneka ngati Type 2, koma mbali yokhala ndi timano ndi yokhala ndi mabowo zinasinthana.

Gawo lachisanu: musayembekezere zofananazo pa DC. Apa kusiyana sikuli pa maonekedwe okha. CHAdeMO, yomwe makampani a ku Japan anaikhazikitsira bungwe mu 2010, imakambirana ndi galimoto kudzera pa njira yotumizirana uthenga yotchedwa CAN, pamene CCS2, pulagi yotchajira mwachangu ya ku Ulaya ndi South Africa, imagwiritsa ntchito njira ina kotheratu yotchedwa PLC. Choncho adaputa yochokera ku CCS2 kupita ku CHAdeMO imakhala ndi kakompyuta komasulira uthengawo ndiponso kabatire kake. Ndi yodula, ndipo ikhoza kugwira pamakina ena nkukana pa ena mpaka pulogalamu yake itasinthidwa. Ngati maulendo anu aatali adzadalira kutchaja mwachangu, funsani eni malo otchajira a m'njira yanu ngati ali ndi chingwe cha CHAdeMO musanagule galimoto, osati itafika kale pa Songwe kapena pa Mwanza.

Gawo lomaliza: yesani koyamba muli pomwepo. Lowetsani pulagi mpaka kandowe kake kagwire, onani ngati timagetsi ta buluu ta pamwamba pa dashibodi tayamba kuphethira, kenaka pakatha mphindi 30 khudzani pulagi ya pakhoma ndi adaputa. Kufunda pang'ono nkwachibadwa, koma ngati mukulephera kusiyapo dzanja, kapena mukumva fungo la pulasitiki wopserera, kapena timano tayamba kuda, imitsani msanga. Kutchaja kukamadukaduka, nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala kandowe kosagwira bwino, waya wopita pansi wofooka kapena mavoti otsika, ndipo wamagetsi angathe kuyeza ziwiri zomalizazi pasoketi pomwepo.