Momwe mungauzire wogula kuti katundu wanyamuka woperewera, wotsala abwera tsiku lakutilakuti

Tiyerekeze kuti mumagulitsa nyemba ku Ulongwe, m'boma la Angoniya. Mayi wina wogulitsa pamsika wa Kwachena mumzinda wa Tete waitanitsa matumba 40 a makilo 50, pamtengo wa mametikali 3,500 thumba limodzi, ndipo walipiriratu theka, mametikali 70,000. Lero Lolemba pa 16 Juni lole yafika, koma matumba osokedwa kale ndi 25 okha. Enawo nyemba zake sizinaume bwino.

Choyamba, werengani matumba amene akwera, ndipo pa giya, chikalata chija chimayenda ndi dalaivala, lembani 25. Musalembe 40 poganiza kuti otsalawo abwerabe. Mayiyo akatsitsa n'kupeza kuti matumba sakugwirizana ndi pepala, woyamba kumukayikira ndi dalaivala, kuti mwina watsitsa ena panjira ku Musakama kapena ku Moatize. Jambulani giyayo ndi foni, mujambulenso matumbawo ali m'lole asanafunditsidwe lona.

Chachiwiri ndi tsiku la otsalawo, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa. Mawu oti "posachedwa" kapena "mkati mwa sabata ino" si tsiku. Ngakhale "mkucha" amasokoneza ngati uthenga wawerengedwa m'mawa mwake. Tsikulo muliwerengere musanalitchule. Nyemba zikufuna masiku angati padzuwa, poti mu Juni ku Angoniya kumazizira ndipo tsiku lina kumangochita mitambo? Kupeta, kuyeza pasikelo ndi kusoka kutenga nthawi yanji? Nanga galimoto ilipo? Matumba 15 sadzaza lole, ndiye adzakwera pamodzi ndi katundu wa ena, ndipo mwini lole sanyamuka isanadzaze. Muimbireni kaye, akuuzeni tsiku lake. Ngati zonse zikuloza Lachitatu, inu nenani Lachinayi. Wogula sakwiya katundu akafika msanga, koma mukaphonya tsiku kachiwiri sadzakukhulupiriraninso kachitatu. Munenenso ngati limenelo ndi tsiku lonyamuka kapena lofika.

Kenako imbani foni lole isanafike kutali. Mayiyo mwina walonjeza kale makasitomala ake matumba ena, ndipo akamva msanga amadziwa woti amupatse lero ndi woti adikire. Mukatha moni, yambani ndi nambala ya matumba, chifukwa chake chibwere pambuyo. Nkhani yaitali ya nyengo ndi mavuto a alimi imangomveka ngati mukuzemba.

Mukadula foni, lembani zomwezo mu uthenga, kuti pakhale umboni:

"Mayi, mwaswera bwanji? Pa matumba 40 a nyemba amene munaitanitsa, lero Lolemba pa 16 Juni anyamuka 25, ndipo afika ku Kwachena madzulo ano. Otsala 15 adzafika Lachinayi pa 19 Juni, chifukwa nyemba zake zikadali padzuwa. Mtengo sunasinthe, ndipo ulendo wachiwiriwu ndilipira ndine. Ngati Lachinayi likuchedwetsani, ndiuzeni lero tichotse 15 amenewa. Pepani chifukwa cha vutoli. Chonde mundiyankhe mukawerenga matumba."

Onani kuti kupepesa kwachitika kamodzi kokha, ndipo dzina la tsiku layendera limodzi ndi deti lake. Tumizani pamodzi ndi zithunzi zija komanso nambala ya lole.

Tsopano ndalama, zomwe anthu amachita nazo manyazi kuzitchula mpaka zitabala mkangano. Matumba 25 ndi mametikali 87,500. Mayi analipira kale 70,000, ndiye lero angowonjezera 17,500. Ya matumba 15, yomwe ndi 52,500, adzapereka akadzawaona ndi maso Lachinayi. Musamuumirize kumaliza 70,000 yonse yotsala lero pamene katundu wina akadali pabwalo panu. Lembani masamu amenewa mu uthenga wachiwiri, ndipo ngati akulipira pa M-Pesa kapena e-Mola, sungani uthenga wotsimikiza wa malipiro aliwonse paokha. Za mtengo wa ulendo wachiwiri, ine ndimaona kuti ndi wa wogulitsa basi, poti wogula anapangana nanu ulendo umodzi.

Uthenga ukapita koma yankho osabwera, musaganize kuti wavomera. Imbaninso lole isanawoloke Zambezi.

Lachinayi m'mawa lembani giya yatsopano ya matumba 15, mutchulepo kuti akumalizitsa oda ya matumba 40, ndipo mumuuze mayiyo lole ikangonyamuka. Mukaona Lachiwiri kuti tsikulo silitheka, nenani Lachiwiri lomwelo, mupereke deti latsopano, ndipo mumusiyire ufulu wosankha kudikira kapena kukagula matumba 15 amenewo kwina.