Mlimi akafunsa kuti "Kodi ndikuyankhula ndi munthu?" musamuponyere mitengo

M'nyengo yogulitsa soya ya chaka chino ndayendera makopaletivi angapo a m'dera langa, ndipo paliponse ndinkapempha mlembi kuti andionetse foni ya gulu, ija imene alimi amalemberako pa WhatsApp pofunsa mtengo ndi tsiku logula. Vuto limene ndinalipeza m'mafoniwo linali limodzi. Mlimi amalemba uthenga wake woyamba, ndipo asanachotse n'chala chomwe pafoni amalandira moni wautali wokhala ndi dzina la kopaletivi ndi maola ogwirira ntchito. Iye poona liwiro limenelo amafunsa kuti, "Kodi ndikuyankhula ndi munthu?" Mlembi akadzatsegula foni, mwina patapita maola awiri, amalidumpha funsolo n'kumuponyera mndandanda wa mitengo umene anausunga kale. Pansi pa mndandandawo sipakhalanso kanthu. Tizizindikiro tiwiri tija timasanduka tabuluu, kusonyeza kuti mlimi wawerenga, koma salembanso.

Alembi ndikawafunsa amandiuza kuti funsolo n'lopanda pake, popeza mlimiyo amafuna mtengo ndipo mtengowo ampatsa. Iwo amaiwala kuti mlimi saona chimene iwo akuona. Moni woyamba uja amautumiza ndi WhatsApp Business yokha, kudzera pa Greeting message, imene imayankha aliyense wolemba koyamba kapena amene watha masiku 14 osalemba. Mndandanda wa mitengo nawo umachokera pa Quick replies, pamene mlembi amangodina chizindikiro cha / n'kusankha uthenga wolembedwa kale. Kumbali ya mlembi pali kusiyana, chifukwa uthenga wachiwiriwo wautumiza ndi chala chake. Kumbali ya mlimi mauthenga onse awiri ndi amtundu umodzi: aatali, osalala, osatchula chilichonse cha zimene iye wanena. Anafunsa ngati pali munthu, ndipo wayankhidwa ndi chinthu chimene sichinamve funso lake. Kwa iye yankho lapezeka, ndipo yankholo ndi lakuti palibe munthu.

Tisamuyese mlimiyo wosazindikira. Ambiri anaimbapo 321 pa Airtel n'kumvetsera mawu ojambulidwa amene sungawadule pakamwa, ndipo ena anamva za Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp imene bungwe la Opportunity International linabweretsa kuti iziyankha mafunso a ulimi m'Chichewa. Zinthu zimenezi zili ndi ntchito yake, koma mlimi amadziwa kuti makina sangamulonjeze kuti galimoto ifika Lachinayi, ndipo sangawadzudzule Lachisanu ikapanda kufika. Munthu amene wakuwa odi pakhomo n'kumva wailesi ikuyankhula m'nyumba salowa, amabwereza odi mpaka mwini nyumba ayankhe ndi pakamwa pake. Funso lija ndi odi wachiwiriyo.

M'funsomo mulinso mantha ena amene mlimi sawatchula chifukwa cha ulemu. Palibe mudzi umene sunalandirepo uthenga wa anthu odzitcha ogwira ntchito ku Airtel Money kapena ku Mpamba, kapena wa munthu wonena kuti watumiza ndalama molakwitsa ndipo mumubwezere. Choncho "munthu" amene mlimi akumufunsa si wongopuma mpweya chabe ayi, koma wodziwika, wokhala ndi malo, amene angakamupeze zinthu zikavuta. N'chifukwa chake alembi ena amene amayankha ndi liwu limodzi lakuti "Inde" nawonso sapita patali. Wakuba naye amavomera kuti ndi munthu, ndipo sanama.

Mayi wina wa m'kalabu ina, amene ndamudziwa zaka zambiri, anandiimitsa panjira mwezi wathawu n'kundikalipira ngati ndine mwini kopaletivi. Iye alibe foni yamakono, moti anachita kubwereka ya mdzukulu wake n'kumugulira bandulo ya tsiku limodzi. Anali ndi matumba 12 a soya, lililonse la makilogalamu 50, ndipo m'uthenga wake anafotokoza kuti matumba atatu ndi a soya wochita kunyowa ndi mvula yomaliza, ndiye amafuna kudziwa ngati angamulandire atamuyanikanso. Analandira moni, anafunsa ngati pali munthu, kenaka madzulo analandira mitengo. "Alangizi," anatero, "ine ndafunsa za soya wanga wonyowa, iwo akundiwerengera mitengo ya mtedza ndi nandolo. Ndimati ndi zimakina zawozo, ndiye ndikanapita kukatani ndi ngolo yobwereka?" M'mawa mwake bandulo inali itatha, mdzukulu anapita kusukulu ndi foni yake, ndipo venda anafika pakhomo ndi sikelo yake. Anagulitsa zonse pamtengo wotsika ndi K100 pa kilogalamu poyerekeza ndi wa kopaletivi. Pa makilogalamu 600 imeneyo ndi K60,000, osawerengera zimene sikelo ya venda inadya. Kopaletivi nayo inataya matumba 12 pa mulu umene inalonjeza wogula wamkulu. Nditakafunsa mlembi wake, anandiuza kuti soya wouma bwino akanamulandira popanda vuto, ndipo anadabwa kuti mayiyo sanabwere.

Chimene chimandinyansa n'chakuti khalidwe limeneli silinabwere ndi mafoni. Ndi lija lakale la pawindo la ofesi, pamene wogwira ntchito sadzutsa mutu, sanena dzina lake, amangoloza chipepala chomatidwa pakhoma kuti werenga wekha. Tinkadandaula nalo tonse tili pamzere, koma lero tapatsidwa foni ya gulu tikuchita zomwezo. Alembi ena amafika pokwiya nalo funsolo. Ndinaona foni ina mmene mlembi anayankha kuti, "Nanga mumayesa ndine chiyani?" Ena amabisala kumbuyo kwa mawu akuti "ife a ofesi" ngati kuti kutchula udindo wako n'kudzichotsera ulemu. Munthu wamkulu wokhala ndi zidzukulu wakufunsani mwaulemu ngati muli pakhomo, ndipo inu, amene mumalipidwa ndi ndalama za masheya ake, mukumuyankha ngati wakusokonezani tulo.

Palinso kachinyengo kena kamene ena amakayesa nzeru, ndiko kulemba moni wongodzitumiza uja ngati wolembedwa ndi munthu pomwepo: "Moni, ndine mlembi wanu, ndikuthandizeni chiyani?" Mlimi amayankha mosangalala, amafotokoza nkhani yake yonse, kenaka kuli zii mpaka mawa. Tsiku limene adzazindikire kuti moniwo umafika kwa aliyense, ngakhale pakati pa usiku, sadzakhulupiriranso uthenga uliwonse wa nambala imeneyo, ngakhale umene mwaulemba ndi manja anu. Zilinso chimodzimodzi pamene foni imodzi imagwiridwa ndi anthu atatu mosinthana koma onse n'kumalemba ngati munthu mmodzi. Mlimi akakumbutsa za lonjezo la dzulo n'kupeza kuti woyankhayo sakulidziwa, amabwereranso ku funso lake loyamba lija, ndipo ulendo uno safunsa, amangochoka.

Tiyeni tibwerere kwa mayi wa soya uja kuti tione yankho limene likanamusunga. Silinafunike kukhala lalitali. Likanatha kukhala lotere: "Inde mayi, mukuyankhula ndi munthu. Ndine uje, mlembi wa kopaletivi, ndimakhala pa nyumba yosungira mbewu Lolemba mpaka Lachisanu. Moni munalandira poyamba uja umangodzitumiza wokha, koma pano ndine ndikulemba. Ndamva za matumba atatu amene ananyowa. Muwayanike padera, musawasakanize ndi 9 enawo, tidzayeza chinyezi chake mukabwera nawo." Mawu oyamba akuyankha funso lenilenilo asanakhudze china chilichonse. Dzina, udindo ndi malo zikumupatsa munthu woti akamupeze. Kuvomereza kuti moni uja unali wa makina kukumuuza kuti sanalakwitse pokayika, ndipo kuvomereza kumeneku n'kumene kumachititsa kuti akhulupirire zotsalazo. Koma chimene chili ndi mphamvu kuposa zonse ndi matumba atatu aja, chifukwa uthenga wosungidwa kale sungatchule chinthu chimene mlimi wangochinena kumene. Mitengo ibwere pambuyo pake, ndipo ikhale ya soya yekha, osati mndandanda wonse.

Yankho limeneli lili ndi malire ake, ndipo ndibwino kuwadziwa. Mawu olembedwa satsimikizira kotheratu kuti ndinu ndani, popeza makina a masiku ano amathanso kubwereza zimene munthu wanena, ndipo wakuba wochenjera akhoza kudzitcha mlembi. Mlimi akapitiriza kukayika musalimbane naye, ndiponso musalumbire, chifukwa kulumbira kwambiri ndi chizindikiro chimene iye amadziwira akuba. Mupatseni njira yotsimikizira imene sidalira mawu anu ndipo simudyera ndalama: afunse wapampando wa kalabu yake kapena mlimi wotsogolera ngati nambalayo ndi ya kopaletividi, kapena afike yekha pa nyumba yosungira mbewu tsiku la msika. Mukhoza kudziwa ngati yankho lanu lagwira poona uthenga wotsatira. Mlimi amene wakhutira amapitiriza nkhani yake, amafunsa za tsiku, za matumba, za nthawi yolipira. Amene sanakhutire amabwereza funso lomwe lija m'mawu ena, kapena amangoti "chabwino" n'kuzimiririka.

Zoti mukonze pafoni ndi zochepa, ndipo mukhoza kuzimaliza lero lomwe. Mu Greeting message lembani poyera kuti uthengawo umangodzitumiza ndipo munthu ayankha nthawi yakutiyakuti, ndipo nthawiyo ikhale imene mungaikwanitsedi, pokumbukira kuti bandulo ya wolembayo mwina ndi ya tsiku limodzi. Away message, imene imangodzitumiza pamene palibe woyankha, muitchere pa Outside of business hours kuti wolemba usiku adziwe kuti kulibe munthu mpaka m'mawa. Ngati foni mumasinthana, aliyense ayambe ndi dzina lake. Kwa mlimi amene mukuona kuti kuwerenga kukumuvuta, mujambulireni mawu a masekondi ochepa kapena mumuimbire inuyo, ndalama ya foni ikhale ya kopaletivi. Musamupemphe nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni, chithunzi cha chitupa cha unzika kapena ndalama yolembetsera mu uthenga umene mukudzidziwitsa, ndipo ngati pali zoti asaine, akasainire ku nyumba yosungira mbewu tsiku lobweretsa matumba.