Momwe mungakonzere wailesi yakale yomwe ikusakaniza masiteshoni

Usiku kuno ku Mulanje mukatsegula wailesi pa MW mumamva siteshoni ya ku Mozambique Chipwitikizi chili pwirikiti, pansi pake ina ikulankhulanso nthawi yomweyo. Ambiri amati eriyo yatha. Pa mawailesi omwe abwera pa benchi yanga ku Chitakale, vuto limakhala tizitini tating'ono tili m'katimo, wina anatipotokola.

Kaye mumvetse zomwe zimachitika, apo ayi muononga. Pafupifupi wailesi iliyonse yakale ndi supaheti, nzeru yomwe Edwin Armstrong anabwera nayo mu 1918. Wailesi siilimbana ndi siteshoni iliyonse pa fulikwensi yake ayi. Ili ndi osileta yake m'kati, kagawo kopanga fulikwensi yakeyake, ndiye mukamazungulitsa chochunira mukusuntha zinthu ziwiri limodzi, mbali ya eriyo ndi osiletayo, ndipo pa mawailesi ambiri osileta imakhala pamwamba pa siteshoniyo ndi 455 kHz nthawi zonse. Tinene mukufuna siteshoni ya pa 900 kHz, osileta ili pa 1355. Ziwirizi zikakumana mu mikisa, kagawo kozisakaniza, pamatuluka kusiyana kwake, 1355 kuchotsa 900 ndi 455. Siteshoni yoyandikana nayo ya pa 909 ituluka pa 446, ndiye tizitini tija, poti tinachunidwa pa 455 basi, timalola yanuyo kudutsa inayo n'kuifooketsa. Kupanga sefa yakuthwa ya nambala imodzi yosasuntha n'kosavuta kusiyana ndi sefa yoyendayenda bandi yonse, nzeru yake ili pamenepo. Pa FM ndi chimodzimodzi koma nambala yake ndi 10.7 MHz.

Tsegulani kumbuyo, ikani mabatire atsopano, osati aja oumika padzuwa. Pa mawailesi ambiri a mathiranzisita muona tizitini ta siliva tokhala ndi kasikuluwu kautoto pamwamba. Kofiira ndi ka osileta, musakakhudze kaye. Kachikasu, koyera ndi kakuda ndi tomwe tili pa 455. Tengani cholembera mulembe kamzere pomwe kasikuluwu kalikonse kaloza musanayambe.

Apa ndi pomwe ine ndinagwa nazo. Wailesi ya malume anga, yomwe anagula akugwira ntchito ku esiteti ya tiyi, ndinailowa ndi sikuludiraiva yachitsulo. Choyamba chitsulo chimanamiza, chikangolowa mu koyilo chimasintha machunidwe, mawu amakwera inu n'kumati ndapeza, mukachotsa mawu aja agwanso. Ine osadziwa ndinkangobwereza n'kumakanikiza. Kasikuluwu kaja si chitsulo wamba, ndi feraiti, imasweka ngati phale, ndipo kachikasu kanangoti the! kung'aluka pakati n'kukanirira momwemo, osapita kutsogolo osabwerera. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe kukasaka kena, munthu wina pamsika anandigulitsa kachitini kozula pa bolodi yakale akulumbira kuti ndi komweko, mtengo wake ngati katsopano. Kufika kunyumba kuwotcherera, wailesi zii. Kanali ka FM, ka 10.7, kukula kofanana miyendo yofanana. Kuyambira pamenepo ndimagula wailesi yonse yakufa n'kuzula ndekha, zimatchipa ndipo umaona ndi maso mbali yomwe kachoka. Chopotokolera semani kuchokera ku chogwirira cha mswachi wapulasitiki kapena kansungwi kouma, nsonga yake ikwane bwinobwino mu kamng'alu. Kasikuluwu kakalimba musakakamize, nthawi zambiri ndi phula la kufakitale, litenthetseni pang'ono ndi ayironi yowotcherera chapatali lifewe.

Tsopano pezani siteshoni yomveka motsika kwambiri, masana zimakhala bwino chifukwa usiku mawu a kutali amakwera n'kutsika okha ndipo akusokonezani. Yamphamvu siithandiza, wailesi imadzichepetsera yokha mphamvu ndiye simumva kusintha kulikonse. Yambani ndi kakuda, pang'onopang'ono kumanja kenako kumanzere mpaka mawu afike pokwera penipeni, siyani pomwepo. Kenako koyera, kenako kachikasu, mubwerezenso ulendo wachiwiri. Ngati mwadutsa theka la kuzungulira popanda kusintha bwererani pa kamzere kanu, vuto lili kwina. Ikayamba kulira likhweru bwezani pang'ono komwe mwangokhudzako.

Ngati wailesi ili chete bandi yonse yesani osileta. Ikani yodwalayo cha pa 600, ina yabwino muigundanitse nayo n'kusaka cha pa 1055, mukamva phokoso lazima kapena kalikhweru ndiye kuti osileta ili moyo.

Mukamva siteshoni ya pa 1510 ikutulukiranso cha pa 600 musabwerere ku tizitini, imeneyonso ikakumana ndi 1055 ya osileta imapereka 455 yomweyo, ndi mbali ya eriyo yomwe ikuyenera kuitchinga. Zotsalazo n'zachidule, nambala za pagalasi zikasemphana kofiira kamakonza kumunsi cha pa 600, titirima, tizisikuluwu tating'ono tapamsana pa kapasita yochunira, timakonza kumtunda cha pa 1400, koyilo ya eriyo ya pa ndodo ya feraiti muisunthe mpaka mawu akwere n'kudonthezerapo kandulo kuti isayendenso.