Momwe mungaonetsere diski ya msana ndi mtsempha umene imapanikiza pogwiritsa ntchito mchira wa ng'ombe

Odwala ambiri akauzidwa kuti diski yawo, kachinthu kofewa kokhala pakati pa mafupa awiri a msana, yatuluka amaganiza kuti kafupa kena kasuntha ndipo kakufunika kukankhidwa kuti kabwerere m'malo mwake. Pofotokozera odwala ndi ophunzira, ine ndimagwiritsa ntchito mchira wa ng'ombe, chifukwa madiski ake amafanana kwambiri ndi a msana wa m'chiuno mwa munthu. Misana ya pulasitiki ndi yodula, ndipo ina yotchipa imene amalonda amayenda nayo ili ndi mitsempha yomatidwa pamalo olakwika.

Gulani mchira wauwisi, mbali yonenepa ya kutsinde, ndipo muuze wa kubutchala kuti asaukhape ndi chikwanje, chifukwa chimaphwanya madiski omwe mukuwafunawo. Mchira siwotchipa, koma theka lake ndi lokwanira. Samalani ndi amene amakusakanizirani tizidutswa ta kunsonga kuti sikelo ilemere.

Mukachotsa mnofu, pindani mchirawo kuti mupeze polumikizira mafupa awiri, kenaka dulani mopingasa pakati penipeni ndi mpeni wakuthwa. Apa ndi pamene zinandisokonekera ulendo wina: ndinadula usiku n'kusiya mufiriji osavindikira, ndipo m'mawa pakati pa diski panali patauma n'kufota, moti ophunzira sanathe kusiyanitsa chilichonse. Dulani anthu akuona, ndipo phimbani ndi kansalu konyowa. Musaiviike m'madzi, popeza pakatipo pamamwa madzi n'kufufuma mopitirira. Diski yodulidwa kumene imaonetsa mizere yoyera yozungulira ngati ya anyezi, imene ndi anyulasi. Mwa munthu mizereyi imakhala 15 mpaka 25, ndipo ulusi wa mzere uliwonse umapendekera mosiyana ndi wa mzere woyandikana nawo, n'chifukwa chake ndi yolimba. Pakati pali nyukiliyasi, yofewa ndi yonyezimira, imene mwa wachinyamata pafupifupi magawo 80 pa 100 ndi madzi. Chekani mizereyo mbali imodzi n'kufinya: chimene chimatuluka ndi chofewacho, pamene diski yeniyeniyo imakhalabe yomatirira ku mafupa onse awiri.

Tsopano tengani chidutswa china chokhala ndi mafupa atatu olumikizana, ndipo muwalembe L4, L5 ndi S1 kuyambira pamwamba. Mafupa asanu a msana wa m'chiuno amatchedwa L1 mpaka L5, ndipo S1 ndi fupa lotsatira m'munsi mwake. Mwa munthu wamkulu chingwe cha ubongo cha mumsana chimathera pa L1 kapena L2, ndipo m'munsi mwake mumangotsika mitsempha payokhapayokha. Yalani zingwe zitatu zoimira mitsempha ya L4, L5 ndi S1 kumbuyo kwa mafupawo. Cha L4 chikhotere kunja pansi pa fupa la L4, koma chapamwamba pang'ono pa diski. Cha L5 chidutse kumbuyo kwa diski ya L4/L5 n'kukatulukira pansi pa fupa la L5. Cha S1 chidutse kumbuyo kwa diski ya L5/S1.

Kumbuyo kwa diski anyulasi ndi yopyapyala, ndipo chingwe cholimba cholumikiza mafupa chimene chimaitchinga n'chopapatiza m'chiuno, motero nyukiliyasi imakonda kutulukira kumbuyo chakumbali. Ikani chala pamenepo pa diski ya L4/L5 ndipo muona kuti chakhudza chingwe cha L5, pamene cha L4 chatuluka kale. Cha L4 chimapanikizika pokhapokha diskiyo itatulukira kumbali kwenikweni, zimene sizichitika kawirikawiri. Nyukiliyasi yotulukayo imatupitsanso mtsempha umene yaukhudza, n'chifukwa chake chotuluka chaching'ono chimatha kupweteka koopsa.

Tiyerekeze bambo amene anawerama kunyamula thumba la chimanga, ndipo tsopano ululu ukuchokera m'thako, kutsika kunja kwa mwendo mpaka pamwamba pa phazi. Akagona chagada inu n'kukweza mwendowo uli wowongoka, ululu umathamangira kunsi kwa bondo pakati pa madigiri 30 ndi 70. Chala chachikulu cha kuphazi chikukanika kudzuka mukachikanikiza, ndipo kuyendera zidendene kukuvuta. Umenewo ndi mtsempha wa L5, ndipo diski yoikayikira ndi ya L4/L5. Dzanzi likanakhala m'mphepete mwa phazi cha ku kachala kakang'ono, iwo n'kumalephera kunyanyamphira, tikanati ndi S1.

Ambiri amapeza bwino m'masabata 6 mpaka 12 popanda opaleshoni, chifukwa thupi limayamwa pang'onopang'ono chimene chinatulukacho. Pomaliza kanikizani chala pakati penipeni kuti zingwe zipanikizike limodzi, monga zimachitikira diski ikatulukira pakati: dzanzi pokhalira ndi kumaliseche, kulephera kukodza kapena kugwira chimbudzi, ndi kufooka kwa miyendo yonse iwiri zimafuna chipatala chachikulu tsiku lomwelo.