Mmene ndinathetsera vuto la wosewera pakati wotha mpweya

Mnyamata wanga wosewera pakati ankatha mpweya ikakwana mphindi ya 60: ankangoyenda manja ali m'chiuno, mapasi osafika. Tinkamuthamangitsa makilomita 8 pa liwiro limodzi, chonsecho mpira umafuna kuthamanga, kuima, nkuyambiranso.

Ndinasintha. Kawiri pa sabata, akatenthetsa thupi mphindi 10, amathamanga mwamphamvu mphindi 4, nkupumira pothamanga pang'onopang'ono mphindi 3, mpaka kanayi. Liwiro lake ndi loti sangathe kulankhula chiganizo chonse. Akayamba ndi liwiro lonse, ulendo wachitatu miyendo imalemera, ndiye ndimapima mtunda: womaliza uzifanana ndi woyamba. Kukatsala masiku awiri kuti tisewere, sachita zimenezi.

Patatha masabata 8, ankabwerera kudzatchinga mpaka wezulo yomaliza.